Mwana wa zaka 4 ampatsa LA wa m'bulu umodzi, pali kulakwitsa apa?

Make Tada: Anzanga ndithandizeni maganizo. Tada watentha thupi kuyambira dzulo usiku ndiye lero ndapita naye kuchipatala, amubaya pachala, mizere iwiri yatuluka akuti ndi malungo. Atipatsa LA koma kapaketi kake ka mibulu 6 basi, akuti umodzi umodzi. Chonsecho mwanayu ali ndi zaka 4 ndi miyezi iwiri, ndipo mwana wa aneba anga wa zaka 3 ndi theka mwezi wathawu anampatsa wa mibulu 12, iwiri iwiri. Ndiye wanga wamkuluyu amwe wochepa bwanji? Kapena mankhwala anawathera angondipatsa zotsala?

aNaphiri: Pepani mwana wanga. Akudya? Akusewera?

Make Tada: Akudya pang'ono amayi, phala wamwa theka la kapu. Wangofooka koma akuyankhula, wakhala pano akulimbirana foni yanga

Bambo a Dali: Zaka 4 ndi mibulu iwiri imeneyo mayi. Ife ku kiliniki ya m'mudzi tchati chathu chimati wosakwana zaka 3 umodzi, kuyambira zaka 3 mpaka 5 iwiri. Ndagwira ntchito ya zaumoyo zaka zambiri, zimenezi ndimazidziwa ngati dzina langa. Bwererani mawa akakuonjezereni.

Sisita Nabanda: Dikirani kaye a Bambo a Dali musanawatumize. Make Tada, anamukweza pa sikelo lero? Tsegulani buku lake muone pamene alemba lero, pali nambala yokhala ndi kg pambali pake.

Make Tada: Eya anamukweza. Alemba 14.3kg

Sisita Nabanda: Basi sanalakwitse. LA timapereka potengera kulemera, zaka ndi zongoyerekezera pamene sikelo palibe. Kuyambira makilo 5 mpaka osakwana 15 ndi m'bulu umodzi pa dozi, 15 mpaka osakwana 25 mibulu iwiri, 25 mpaka osakwana 35 itatu, kuyambira 35 kupita m'tsogolo inayi ngati wamkulu. Aliyense amamwa ka 6 m'masiku atatu, chimasintha ndi kuchuluka kwa mibulu pa ulendo umodzi, nchifukwa chake mapaketi aja ali a 6, a 12, a 18 ndi a 24. Tada ali 14.3 ndiye ali m'gulu loyamba ngakhale watha zaka 4. Wa aneba anuyo mwina ndi wojintcha anapitirira 15, kapena anampatsa mongoona zaka.

Make Tada: Ndi wojintchadi ameneyo kkkk amamunyamula Tada

Bambo a Dali: Koma Sisita tchaticho sitinalembe tokha, anatiphunzitsa ku tireningi.

Sisita Nabanda: Sindikunena kuti tchati ndi chabodza ayi achimwene. Chinapangidwa poganiza kuti mwana akamakwana zaka 3 amakhala wayandikira makilo 15, ndipo kwa inu amene nthawi zina mumaona ana pansi pa mtengo opanda sikelo ndi chothandiza kwambiri. Vuto ndi loti ana athu ambiri ndi opepuka kuposa zaka zawo, kusikelo timaona a zaka 4 ali 13, a zaka 5 ali 14 ndi theka. Ndiye ziwirizi zikasemphana, zaka zikunena zina sikelo ikunena zina, timamvera sikelo poti mankhwala akalowa m'thupi amagawanika molingana ndi kukula kwa thupilo, sadziwa tsiku lobadwa.

Che Joni: Moni nonse kuno ku Joni. Ine zanga zosavuta, ndikabwera kumudzi pa Disembala ndimagula ku famase ka mibulu 6 kaja, umodzi m'mawa umodzi madzulo masiku atatu ndachira. Ngati ine bambo wa makilo 80 ndimamwa umodzi, mwana umodzi wachepa pati? Mwinanso wachuluka, adule pakati

Mada wa ku famase: Ayi ayi ayi Che Joni chonde musasokoneze anthu, apa mpamene ngozi imachitikira. Umene mumagula inuwo onani pa katoni palembedwa 80/480, m'bulu umodzi umenewo ndi wofanana ndi mibulu inayi ya kuchipatala cha boma. Wa kuchipatala uja ndi 20/120. Onse mapaketi a mibulu 6, onse achikasu, koma wina ndi wa mwana wosakwana makilo 15 wina ndi wa munthu wamkulu. Palinso wa 40/240 m'mafamase ena. Kuno kuntchito anabwerapo bambo wina atatenga wotsala wake wa 80/480 kufunsa ngati angampatse mwana wa zaka ziwiri poti kuchipatala ananena kuti umodzi umodzi, mwamwayi anafunsa asanapereke. Make Tada tawerengani zomwe zalembedwa kuseri kwa paketi yanuyo.

Make Tada: Palembedwa Artemether 20 mg Lumefantrine 120 mg ndiye pali ka chithunzi ka kapu

Mada wa ku famase: Ndi womwewo, ndipo ka kapuko ndiye kuti ndi wosungunuka uja wa ana. Thirani madzi oyera pang'ono m'kapu, masupuni awiri ang'onoang'ono akwana, ponyani m'buluwo usungunuke, amwe, kenako thiraninso timadzi mutsukuluze zotsalira pansi amwenso. Anthu amadzaza kapu yonse mwana nkumwa theka nkukana, theka la mankhwala latsala m'kapu.

Che Joni: Iii sindimadziwa, ndimangoti LA ndi LA

Make Tada: Koma Sisita mtima wanga sunakhazikikebe. 14.3 ndi 15 kusiyana kwake ndi kochepa kwambiri, kilo imodzi sikukwana. Akanakhala kuti wadya nsima nkuvala jekete bwenzi ali m'gulu la iwiri. Ndiye zoona kachidutswa kameneko kachititse kuti wina amwe kuwirikiza mnzake?

Sisita Nabanda: Funso lenileni ndi limeneli ndipo simukulakwa, malire aja ndi odula ndi mpeni. Tiyeni tiwerengere limodzi. M'bulu umodzi uli ndi lumefantirini 120, kuchulukitsa ka 6 ndi 720 pa masiku onse atatu. Tikagawa ndi 14.3 tikupeza pafupifupi 50 pa kilo iliyonse ya Tada. A WHO amafuna kuti pa mankhwala onse mwana alandire pakati pa 29 ndi 144 pa kilo, ndiye 50 ali m'kati bwinobwino. Khanda la makilo 5 likamwa paketi yomweyo limalandira 144, kumapeto kwenikweni kwa pamwamba, pomwe wa 14.9 amalandira 48. Wa makilo 15 ndendende amene wangolowa gulu la iwiri amalandira 96. Ndiye inde, ana amene ali kumapeto kwa gulu ngati Tada ndi amene amalandira wochepa pa kilo kuposa anzawo, sindingabise. Koma wochepawo ndi wokwanabe, pokhapokha ngati madozi onse 6 alowa ndipo akhala m'mimba. Kwa mwana ngati wanuyu palibe malo otayira dozi ngakhale imodzi, ndi pamene ine ndimaikapo mtima osati pa kuonjezera m'bulu.

Bambo a Dali: Nanga ndikawerenga mwa inu momwemo, iwiri kwa wa 14.3 ikubwera 100 pa kilo, ilinso m'kati mwa 144 wanuyo. Ndiye ine ndikampatsa iwiri ndalakwa chani?

Sisita Nabanda: Kkkk mwagwira kakyuleta. Zoona simunamuphe, ndipo nchifukwa chake tchati cha zaka chimaloledwa, kwa ana ambiri kuphonya kwake sikufika poopsa. Koma yerekezani wa zaka 3 wonyentchera wa makilo 9, iwiri ikumufikitsa 160, wadutsa. Komanso ngati sikelo ilipo ndipo yanena, palibe chifukwa choti mayi aliyense kunyumba azidzisankhira gulu, lero aonjezera umodzi mawa paketi yatha tsiku lachiwiri.

Mada wa ku famase: Komanso lumefantirini ali ndi khalidwe lake, matumbo amangotenga mlingo wina pa nthawi imodzi, ukawirikiza mibulu sikuti wolowa m'magazi awirikizanso. Chimene chimathandiza kwambiri ndi mafuta. Amwe ndi mkaka kapena atangodya chakudya cha mafuta pang'ono, pamimba yopanda kanthu amalowa wochepa zedi.

aNaphiri: Ndiye phala lotendera nsinjiro. Ife kale tinkangopereka kololokwini wowawa uja mwana nkumakanda thupi lonse usiku, kenako kunabwera Fansida mibulu kamodzi basi nkuiwala. Izi za ka 6 zimatitopetsa ife agogo, ndikasiyidwa ndi adzukulu ndimasokoneza

Sisita Nabanda: Nsinjiro ndi zabwino kwambiri amayi, kapena supuni ya mafuta ophikira m'phala, kapena mkaka theka la kapu, woyamwa bere lokha likwana. Sipafunika mafuta ambiri ayi. Fansida tinamusiya 2007 poti tizilombo tinamuzolowera ngati mmene tinachitira ndi kololokwini amene tinamusiya 1993. Za ka 6 zili ndi chifukwa chake, atemetha ndi wachangu, amapha tizilombo tambiri msanga nchifukwa chake mwana amadzuka tsiku lachiwiri nkuyamba kuthamanga, koma amatha m'thupi m'maola ochepa. Lumefantirini ndi amene amatsala masiku angapo kusesa totsalira, ndipo amaunjikana dozi ndi dozi. Mukasiyira pa 4 poti mwana wachira ndiye kuti wosesayo ndi amene mwamuchepetsa, pakatha masabata awiri atatu thupi latenthanso.

aNaphiri: Apo mwandigwira. Ndili ndi iwiri m'kabati ya mdzukulu wanga ya mwezi wa Malichi, ndinati ndisunge podzadwala wina

Make Tada: Woyamba anamwera konko pa windo cha m'ma 2 koloko masana. Anandiuza kuti wachiwiri pakatha maola 8, ndiye kuti 10 koloko usiku? Ndimudzutse? Kapena ndingompatsa 7 koloko tikamadya

Sisita Nabanda: 10 koloko, tcherani alamu mumudzutse. Musungireni kaphala kapena mkaka. Kuyambira mawa m'mawa ndi madzulo, mkuja m'mawa ndi madzulo, yatha.

Mada wa ku famase: Pa kapepala ka m'katoni amalemba maola 0, 8, 24, 36, 48, 60. Tikatsata zimenezo wachitatu ndi mawa 2 koloko masana osati m'mawa.

Sisita Nabanda: Ndipo wachinayi 2 koloko usiku, wachisanu ndi chimodzi 2 koloko usikunso. Ndi mayi uti angakwanitse Mada? Maola amenewo amakhala bwino woyamba akamwa m'mawa. Ine ndimawauza m'mawa ndi madzulo motalikirana maola 12, monga 8 ndi 8, poti dozi yoiwalika ndi yoipa kuposa dozi yofulumira ndi maola ochepa.

Mada wa ku famase: Ine ndimakankhira pang'ono, mawa cha m'ma 10 m'mawa ndi 10 usiku, kuti isayandikane kwambiri ndi ya usikuyi. Koma sitikangana, chachikulu ikwane 6

Make Tada: Ndatenga ya Sisita, 8 ndi 8, 10 usiku ine ndimakhala nditafa ndi tulo

Make Tada: Anzanga alipo ali maso? Ndampatsa 10 koloko ndi mkaka ndiye wasanza zonse pa chitenje changa, ndaona ndi zachikasu zomwe. Papita mphindi mwina 15 chimwereni. Nditani

Bambo a Dali: Ndili maso. Akasanza isanathe mphindi 30 mumabwereza dozi yonse. Musathamange, mupukuteni, apume kaye pang'ono mtima ukhale pansi, kenako mumpatse wina. Thupi likutentha kwambiri?

Make Tada: Likutentha ngati mbaula

Bambo a Dali: Kutenthako nako kumasanzitsa. Muvuleni zovala zambiri, mumupukute ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda osati ozizira, panado ngati nthawi yake yakwana mumpatse monga anakulemberani. Mkaka musamudzaze kapu yonse, pang'ono chabe.

Sisita Nabanda: A Bambo a Dali anena zoona zonse. Ndingoonjezera, uyu wachiwiriyu akasanzanso, kapena muone kuti chilichonse ngakhale madzi akubweza, amenewo sitikuwatchanso malungo wamba ndipo LA wa pakamwa sangathandize, pezani kabaza kapena galimoto usiku womwe uno akabayidwe atesuneti. Chimodzimodzi akakomoka kapena kugwedezeka, akamavuta kudzutsa, akamalephera kukhala tsonga kapena kumwa, akamapuma mothamanga movutikira, zikhatho zikayera mbee, kapena mkodzo ukada ngati kokakola. Chimodzi chokha mwa zimenezi musadikire kuche.

Make Tada: Wamwa wina 10:40, pano 11:30 sanasanze wagona. Ndamudzutsa kuti ndione wandiyankha nkundikalipira kkkk

Sisita Nabanda: Wokalipa ndi wabwino ameneyo. Gonani.

Che Joni: Ndaona m'mawa uno. Funso langa, akanasanza patatha mphindi 45 bwanji? Poti ka pepala ka mankhwala anga kakuti ola limodzi

Mada wa ku famase: Eya opanga mankhwala ambiri amalemba ola limodzi, ku zipatala kuno anthu anaphunzitsidwa mphindi 30. Pakati pamenepo ine ndimati ngati wasanza zambiri ndipo zachikasu zikuoneka, bwerezani. Patadutsa ola musabwereze, walowa kale.

Make Tada: Wadzuka bwino, kutentha kwatsika, wa 8 koloko wamwa ndi phala la nsinjiro. Koma taonani masamu, inali 6, wina pa windo, wina anasanza, wina wobwereza, wina m'mawa uno, yatsala iwiri pomwe akufunika kumwa katatu. Amayi aNaphiri mundibwereke yanu ija ya m'kabati?

aNaphiri: Tumani mwana adzatenge

Sisita Nabanda: Ayi amayi, imeneyo sitikudziwa kuti ndi ya mlingo wanji, inatha liti mphamvu, komanso yakhala m'kabati yotentha miyezi ingati mwina pepala lake linabooka. Make Tada pitani lero ndi buku ndi paketi yomweyo kumene munalandira, kapena kwa a zaumoyo a m'dera lanu, mukanene kuti anasanza dozi imodzi, akupatsani wina. Muli ndi nthawi, wosowayo ndi wa mawa madzulo. Osangoti 5 yakwana, kumbukirani masamu a dzulo aja, 600 kugawa 14.3 mwatsikira pa 42 ndipo mwadula dozi yomaliza yomwe.

Mada wa ku famase: Ndipo musadabwe akakudulirani ku paketi ina ndi sizasi. Mibulu ya 20/120 ndi imodzimodzi kaya ili mu ya 6 kaya ya 24, kusiyana nkoti ina ndi yosungunuka yotsekemera ina ndi yowuma yofunika kuphwanya pa supuni nkusakaniza ndi timadzi. Ya 12 ikatha timapereka ya 6 ziwiri, nthawi zina timadula ya 24 pakati. Pamenepo mpofunika kufunsa bwino kuti ingati pa ulendo umodzi poti zithunzi za pa paketi sizikugwirizananso ndi mwana wanu. Ndinaonapo mayi atapatsidwa ya 6 ziwiri nkumapereka umodzi umodzi masiku 6, mwana wa makilo 19.

Make Yami: Pepani ndilowererepo ndi yanga. Wanga ali ndi masabata 7, makilo 4.2 kusikelo sabata yatha, usiku thupi limamveka lofunda. Ndingadule theka la m'bulu umenewu poti sanafike 5?

Sisita Nabanda: Ayi mayi musadule chilichonse, nyamukani naye lero lomwe lino. Mwana wosakwana miyezi iwiri akatentha thupi timaopa kaye matenda ena a m'magazi amene amathamanga kwambiri pa msinkhu umenewo, malungo amabwera pambuyo, ndipo amafunika kuyezedwa ndi kuonedwa ndi adokotala. Magulu tikukambawa amayambira pa makilo 5. Wosafika pamenepo ngakhale atapezeka nawodi malungo, mlingo wake amaukonza kuchipatala osati kunyumba ndi lezala.

Mada wa ku famase: Mu 2025 ku Switzerland anavomereza mtundu wina wa mankhwala omwewa opangidwira makanda a makilo 2 mpaka osakwana 5, koma nawonso ndi olemberedwa ndi adokotala atayeza. Pitani Make Yami.

Make Yami: Ndikuvala, zikomo

Bambo a Dali: Ana osakwana miyezi iwiri ngakhale ife timangolemba kalata nkutumiza, sitigwira. Koma Sisita pa nkhani ya sikelo ndibwererepo. Ya ife yopachika ija kabudula wake anang'ambika ndipo wa zaka 4 salola kulowamo, amakankha mpaka muvi kumangovina. Ndiye ndizitani, ndisapereke?

Sisita Nabanda: Perekani ndi zaka, kuchedwetsa mankhwala ndi koipa kuposa. Koma tsegulani buku muone kulemera komaliza, ngati mwezi wathawu anali 12 sangakhale 15 lero. Ikapezeka sikelo yoponda, akwere mayi atanyamula mwana, kenako akwere yekha, muchotsere. Nsapato ndi jekete avule, makamaka amene ali pafupi ndi malire ngati 14.8 kapena 24.7.

Bambo a Dali: Mabuku ambiri akangotha katemera sabweranso kusikelo, kulemera komaliza kumakhala kwa chaka ndi theka. Ine wa zaka 4 wooneka bwino ndizipatsabe iwiri pokhapokha ndione kuti ndi wochepa thupi.

Sisita Nabanda: Popanda sikelo sindingakutsutseni

Make Tada: Ndabwerako, andidulira umodzi osavuta, anangoona m'buku. Ndinawapempha amukwezenso pa sikelo atavula nsapato, 14.1 kkkk ndiye nkhani ya iwiri ndaisiya. Ndinafunsanso kuti akamaliza ndibwere adzamubayenso pachala tione ngati atha, akuti ayi

Sisita Nabanda: Anena zoona, kachipangizo kapachala kaja kamatha kuonetsabe mizere iwiri masabata angapo tizilombo titafa kale, ndiye kangokuopsezani. Mubwerere ngati thupi likutenthabe atamaliza masiku atatuwa, kapena likatenthanso mwezi usanathe, ndipo mukanene kuti anamwa LA tsiku lakuti kuti akaone magazi pa maikulosikopu osangomupatsanso yemweyo. Wa lero madzulo 8 koloko musaiwale.

Make Tada: Alamu ndatchera kale. Nsinjiro zandithera koma, amayi aNaphiri m'malo mwa mibulu ija munditumizireko zimenezo

aNaphiri: Atenge mbale abwere, ndasinja dzulo